Inna ndi abale ake akundidyera malikisi pa mayeso a Chiarabu

"Ndikukonzekera mayeso olowera kalasi yapamwamba ya Chiarabu. Lamulo la inna ndi abale ake ndinaliloweza kalekale, ndipo ustazi akandifunsa ndimalinena osaphonya. Koma akatipatsa ziganizo zoti tichite irabu ndimalakwa pafupifupi theka. Kodi ndikusowa chiyani?" Mtsikana wa ku Mangochi

Mchemwali, tiyambire pa mawu amene mumawamva kasanu pa tsiku. Pa azana, muazini amati "ashhadu anna Muhammadan rasulullah". Mvetserani bwino dzina la Mtumiki pamenepo: likuthera ndi "an". Koma m'Kurani, sura 48 ndime 29, chiganizo chomwechi chili chokha ndipo chikuti "Muhammadun rasulullah". Dzina ndi lomwelo, uthenga ndi womwewo, chasintha ndi kamawu kamodzi, anna, m'bale wa inna, kamene kabwera kutsogolo. Popanda anna, Muhammadun ndi mubutada, kapena kuti mwininkhani, ndipo rasulu ndi khabari, chimene chikunenedwa za iye. Onse awiri ali pa rafu, n'chifukwa chake ali ndi dhamma. Anna akalowa, mwininkhani amapita pa nasibu ndipo timamutcha isimu ya anna. Khabari sasuntha, amakhalabe rasulu. Mukamva wina akuti "rasula" pa azana, dziwani kuti wapereka nasibu kwa mawu amene sanayenere.

Abalewa alipo asanu ndi mmodzi ndipo ntchito yawo pa mathero a mawu ndi yofanana. Inna ndi anna amatsindika, kaanna amafanizira, lakinna ndi "koma", layita ndi kulakalaka chinthu chovuta kapena chosatheka, ndipo laalla ndi chiyembekezo kapena mantha a chinthu chimene chingachitike. Izi mukuzidziwa, sindichedwapo. Chokhacho, musawasokoneze ndi kana ndi abale ake, chifukwa iwo amachita motembenuza. Sungani ziganizo ziwiri izi moyandikana m'kope lanu: "innallaha ghafurun rahim" ndi "kanallahu ghafuran rahima". M'choyamba nasibu yagwera dzina la Allah, m'chachiwiri yagwera khabari.

Tsopano kumene ndikuganiza kuti malikisi anu akuthera. Ophunzira ambiri amasandutsa lamulo lija kukhala lina lachidule m'mutu mwawo: "mawu obwera pambuyo pa inna aikidwe fataha". Lamulo lachiduleli limagwira pa ziganizo zoyambirira za m'kalasi, ndiye munthu amalikhulupirira. Olemba mayeso amadziwa zimenezi, ndipo amasankha dala ziganizo zimene limalephera. Limalephera m'njira ziwiri.

Yoyamba n'njakuti nasibu sionekera ndi fataha nthawi zonse. Tsegulani sura 33 ndime 35: "innal-muslimina wal-muslimati". Mawu onse awiri ali pa nasibu, koma palibe amene chizindikiro chake chili fataha. Al-muslimuna wasanduka al-muslimina, wawu wachoka, yaa walowa, ndipo yaa ameneyo ndiye chizindikiro cha nasibu pa kuchulukitsa kwa amuna kotere. Fataha imene mukuiona pa nuni wa kumapeto inalipo kale ngakhale inna asanabwere, choncho musaitchule ngati chizindikiro. Al-muslimati ndiye amagwetsa ambiri. Ali ndi kasira, ndipo wophunzira akaona kasira amathamangira kulemba kuti mawuwo ali pa jarri. Ayi. Kuchulukitsa kwa akazi kothera ndi alifu ndi taa kumatenga kasira pa nasibu. Yankho lopatsa malikisi onse liyenera kunena zonse ziwiri: kuti ali pa nasibu, ndi kuti chizindikiro chake ndi kasira m'malo mwa fataha. Anthu awiri nawonso amatenga yaa: at-talibani amakhala at-talibayini. Ndipo abuka, "bambo ako", amakhala abaka.

Yachiwiri, imene ineyo ndimaiona kuti ndi yaikulu, n'njakuti isimu ya inna sikhala moyandikana ndi inna nthawi zonse. Tiyeni tichite chiganizo chimodzi pang'onopang'ono, monga mungachitire pa pepala la mayeso. Akupatsani "fil-fasli muallimuna", kutanthauza kuti m'kalasi muli aphunzitsi, ndipo akuti mulowetse inna. Musayambe ndi inna. Yambani mwafunsa kuti mwininkhani ndi uti. Fil-fasli sangakhale mwininkhani, chifukwa ndi mperekezi ndi dzina lake, akungotiuza malo. Amene akukambidwa ndi aphunzitsi. Ndiye kuti khabari watsogola, mubutada watsalira m'mbuyo. Inna akabwera amadumpha fil-fasli osamukhudza, al-fasli n'kukhalabe ndi kasira yake chifukwa cha fi, ndipo nasibu imakapeza aphunzitsi kumapeto. Poti ndi amuna ambiri, chizindikiro ndi yaa: "inna fil-fasli muallimina". Polemba irabu munene kuti fil-fasli ndi khabari ya inna yotsogola, ndipo muallimina ndi isimu ya inna yotsalira, ili pa nasibu ndi yaa. Chiganizo chimodzi chokhachi chanyamula misampha yonse iwiri.

Mwina simunazindikire kuti kapangidwe kameneka mumakalakatula kuyambira muli mwana. Sura 94 ndime 6 ikuti "inna maal-usri yusra", ndithu pamodzi ndi mavuto pali kupepukidwa. Alifu wa kumapeto kwa yusra uja ali pamenepo chifukwa yusran ndi isimu ya inna imene yatsalira. Ophunzira a m'madrasa muli ndi mwayi umene ena ophunzira Chiarabu alibe: khutu lanu linasunga kale mathero olondola, chatsala n'kulifunsa chifukwa chake.

Pali malo enanso pamene inna amaoneka koma sagwira ntchito. Akalumikizidwa ndi ma n'kukhala innama, mphamvu yake pa mathero imatha. N'chifukwa chake sura 49 ndime 10 ikuti "innamal-muminuna ikhwatun", ndi wawu, osati al-muminina. Pano al-muminuna ndi mubutada wamba. Abale enawo amatero nawonso, kupatula layitama amene akatswiri a galamala amalola mbali zonse ziwiri. Chimodzimodzi lakin wopanda shadda pa nuni sasintha kanthu. Choncho musanayambe irabu, yang'anani nuni uja: ali ndi shadda kapena ayi, ndipo pali ma pambuyo pake kapena ayi.

Pa masabata amene akutsalirani, ndikupemphani kuti musiye kubwereza lamulo lija pakamwa. Tengani juzu ya Amma, imene ndikukhulupirira kuti mumaidziwa pamtima, ndipo tsiku lililonse musankhe ndime zisanu zokhala ndi inna kapena m'bale wake. Pa ndime iliyonse, chotsani inna ndi kulemba chiganizocho mmene chikanakhalira popanda iye. "Innal-abrara lafi naim" chikhala "al-abraru fi naim". Mukatha kubweza chiganizo chotero, ndiye kuti mwininkhani mwamupeza, ndipo irabu yotsalayo siivuta. Mukumananso ndi ndime zambiri monga "innahu" ndi "innaka", pamene isimu ndi mlowam'malo womatirira. Iyeyo sasintha maonekedwe, ndiye mumalemba kuti ali pa malo a nasibu. Zimene mwalembazo muzikawaonetsa a ustazi kamodzi pa sabata, ndipo muwapemphe kuti pa cholakwa chilichonse akuuzeni ngati mwaphonya mwininkhani kapena mwaphonya chizindikiro. Mukaona mbali imene zolakwa zachulukira, sabata yotsatirayo musankhe ndime za mbali imeneyo.