Mawu a pa menyu ya Tsiku la Anakubala: ofatsa, koma osaliza anthu

"Ndili ndi lesitilanti yaing'ono ku Zomba. Pa 15 Okutobala ndikufuna kukonza menyu yapadera yolemekeza amayi, koma chilichonse chomwe ndikulemba chikumveka ngati uthenga wa pamaliro kapena malonda a pa wailesi. Ndilembe bwanji mawu ofatsa, okhudza mtima? Ndine mayi wa ana atatu."

Mayi, yambani mwaganizira anthu amene adzagwire pepalalo. Ndi awiri: mwana amene akulipira, ndi amayi ake amene akhala pambali pake, mwina atavala chitenje chatsopano chomwe alandira m'mawa womwewo. Mawu anu ayenera kumveka bwino m'makutu mwa onsewa. N'chifukwa chake ndimakana kwamtuwagalu ziganizo zonga "Kodi mwawachitira chiyani amayi anu chaka chino?" Amenewa ndi mawu okalipira. Tsikuli limagwa pakati pa mwezi, matumba atapepuka, ndiye munthu amene wayesetsa kubwera ndi amayi ake sayenera kupatsidwanso mlandu pa tebulo.

Palinso ena amene olemba malonda amawaiwala. Adzabwera woleredwa ndi agogo kapena azakhali. Adzabwera amene amayi ake anatisiya chaka chatha, waperekeza apongozi ake. Adzabwera mayi amene anataya mwana, ndi wina amene sanabereke koma walera ana a mchemwali wake mpaka kuwakwatitsa. Mukalemba kuti "kwa amene anatinyamula miyezi isanu ndi inayi", mwatsekera panja theka la anthuwa. Lembani za kulera ndi kudyetsa, poti izi zimafikira onse, komanso ndi zomwe lesitilanti ili ndi ufulu wokambapo. Pamwamba pa menyu pakhoza kukhala mawu otere:

"Kwa amayi, agogo, azakhali ndi onse amene anatilera: munkadzuka kukoleza moto ife tikadali m'tulo. Lero khalani pansi. Mthiko tagwira ndife. Takulandirani."

Basi. Mawu oyamba asapitirire 30. Onani kuti mulibe "chikondi chosaneneka" kapena "ngwazi yathu". Mawu amenewo si oipa, koma tsiku limenelo ali pa foni ya aliyense, ndipo diso limangowadumpha. Chimene chimamugwira munthu ndi kanthu kamene akukakumbukira: utsi wa m'mawa, mthiko, mayi amene ankadya pomaliza.

Ndinenepo za miyambi, chifukwa ambiri amathamangira komweko. Woyamba kubwera m'mutu ndi uja wakuti "mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo". Ndi mwambi wanzeru polangiza mwana, koma usayandikire menyu. Ukunena kuti mayiyo ali ndi chilema choti tichipirire, ndipo iwo ali pomwepo, akuwerenga. Chimodzimodzi mavesi ndi ndakatulo zazitali: wina wabwera wa mpingo uwu, wina wa chipembedzo china, ndipo onse ali ndi njala.

Tsopano chiganizo chomwe chili pa menyu zambiri: "Zophikidwa ngati momwe amaphikira amayi anu." Chichotseni. Simukuwadziwa amayi a kasitomala wanu. Ena nkhwani amathira soda, ena chidulo, ena sathira kanthu. Ena nsinjiro amakonda zambiri mpaka supuni kuima. Mukalonjeza zimenezo, mwaitana mayi aliyense kuti akuyeseni mayeso, ndipo akangolawa kamodzi adziwa kuti si zake. M'malo mwake nenani zimene inuyo mwachita kukhitchini. Kusamala kwanu kumaonekera pamenepo, ndipo mayi wodziwa kuphika amakuzindikira msanga.

Kalembedwe ka chakudya chilichonse

Mizere iwiri: dzina la chakudya monga anthu amachitchulira, kenako mawu ochifotokoza osapitirira 15. Tiyerekeze kuti mwasankha zinthu zisanu.

Nkhuku yachikuda: yaphikidwa pang'onopang'ono maola awiri ndi tomato ndi anyezi, msuzi wake ndi wambiri.

Nkhwani wotendera: masamba anthete a kudimba, osadzulidwa bwino, nsinjiro zosinja lero.

Chambo chowotcha: chathunthu, pa makala, ndi mandimu pambali. Sankhani nsima kapena mpunga wa Kilombero.

Futali: mbatata ndi nsinjiro, chakudya cha m'mawa chomwe ambiri tinakulira.

Thobwa wozizira: wa chimera cha mawere, wagona usiku umodzi. Kapu yoyamba ya amayi ndi yaulere.

Mwaona kuti pa zisanuzi, chimodzi chokha, futali, ndicho chikukumbutsa za kale. N'zadala. Mukathira chifundo pa mzere uliwonse, pofika pa wachitatu munthu watopa, ngati ndiwo zomwe aliyense wodutsa kukhitchini wathiramo mchere. Mawu okhudza mtima akhale pamwamba ndi pa chakudya chimodzi kapena ziwiri. Kwinako lolani chakudya chimveke chokha.

Ndipo chilichonse mwalemba chikhale choona. Ngati nkhukuyo ndi yachizungu, musaitche yachikuda, poti mayi aliyense amaidziwa ndi fupa lomwe. Ngati nsinjiro munagula zosinjasinja kumsika, chotsani "zosinja lero". Chimodzimodzi nsomba: kambuzi kapena makumba asasanduke chambo chifukwa cha tsiku. Muwerengereni wophika wanu menyu yonse mokweza musanaisindikize. Pamene iye wanena kuti "izi sitikwanitsa anthu akachuluka", pafufuteni. Nkhuku ya maola awiri iyenera kukhala pamoto m'mawa, osati kasitomala ataitanitsa kale.

Nkhani ya mtengo ndi imene ndimaiona kuti ili ndi chifundo chenicheni, kuposa mawu onse okoma. Amayi ambiri akaona mitengo yosiyanasiyana amathamangira chotchipa, kapena amati "ine ndadya kale, chakumwa chokha", pofuna kumusungira mwana ndalama. Athandizeni kuti asafike pamenepo. Ikani mtengo umodzi wa munthu mmodzi, momwe muli nsima kapena mpunga, ndiwo ya nyama kapena nsomba, masamba ndi chakumwa. Kapena konzani mbale ya banja, mulembe momveka kuti "yokwanira anthu anayi". Mtengo ulembedwe kamodzi pansi, m'manambala, ndi zilembo zofanana ndi zinazo. Osalemba "kuyambira pa", chifukwa mawu amenewa amabala mkangano pa bilu, ndipo mwana kukangana ndi woperekera zakudya amayi ake akuona n'chinthu chochititsa manyazi. Ngati pali chaulere, nenani malire ake pomwepo, monga ndachitira pa thobwa, ndipo auzeni antchito kuti asafunse aliyense ngati alidi mayi. Mzimayi wamkulu aliyense amene wakhala pa tebulo alandire kapu yake.

Pansi penipeni payenera kukhala tinthu touma koma tofunika: nthawi yoyamba ndi yotsekera, nambala yosungitsira malo, ndi chenjezo lakuti nkhwani ndi futali muli mtedza, poti pali anthu amene mtedza umawadwalitsa. Onjezani kuti amene amadya mchere wochepa kapena osathira shuga anene poitanitsa. Amayi ambiri achikulire ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi kapena shuga, ndipo paokha sangapemphe.

Pepala la A5, lomwe ndi theka la A4, ndi lokwanira. Zilembo zisachepere saizi 12, zakuda pa pepala loyera, osati zopindikapindika pamwamba pa chithunzi cha maluwa, chifukwa magalasi ambiri amatsala kunyumba. Okutobala ndi wotentha, mabotolo ozizira amadontha madzi pa tebulo ndipo inki imayenderera, ndiye mapepalawo muwakutire ndi pulasitiki. Sindikizani limodzi kaye, wina amene sanalembe nawo aliwerenge kufuna zolakwika, kenako enawo. Pofika pa 10 Okutobala chithunzi chake chikhale chili pa WhatsApp, kuti ofuna kusungitsa malo akuuzeni msanga ndipo mudziwe nkhuku zoti mugule.