Bimu yopanda miyala musailole, ngakhale aonjezere simenti

"Abale ndithandizeni. Nyumba yanga yafika pa mawindo, tsopano ndi nthawi ya bimu. Amisiri akuti miyala ya kwale yakwera mtengo, angothira simenti yambiri mumchenga ilimba chimodzimodzi. Kodi ndi zoona? Komanso malata abwino ndingawapeze kuti?"

Achemwali, musalole. Za malata ayankhe ena, ine ndilankhulapo za bimuyo chifukwa ndi imene ingakulizeni.

Simenti, mchenga ndi madzi ndi matope omangira, zilibe kanthu kuti mwathiramo simenti yochuluka bwanji. Ntchito yake ndi kumata njerwa kapena mabuloko, ndi kupaka pulasitala. Amagwira bwino akakhala opyapyala, ngati kamzere ka pakati pa njerwa kaja, pafupifupi 10mm. Konkire ndi ina: muli miyala, ndipo miyalayo ndiye imadzaza malo ambiri, simenti ndi mchenga zimangotseka mipata ndi kugwirizitsa. Mwala sufota ukamauma, pomwe matope amafota. Mukathira matope okhaokha m'bokosi la bimu, amati akamauma amadzikoka n'kung'ambika, ndipo mukachulukitsa simenti m'pamene amang'ambika kwambiri. Ming'aluyo imalowetsa chinyontho n'kufika pa zitsulo za m'kati.

Ndidaziona pa sitolo ya alamu anga. Mmisiri adathira lintala ya pakhomo lalikulu ndi mchenga ndi simenti basi, akuti miyala yachedwa kubwera. Tsiku lochotsa matabwa inkaoneka yosalala bwino kuposa konkire, aliyense adayamikira. Mvula itadutsa tidaona ming'alu yoima pakatikati, ina ikutsatira pomwe padadutsa zitsulo, kenako madontho a dzimbiri kunsi kwake. Chitseko chachitsulo chidayamba kukhula pamwamba. Pokanda ndi msomali mchenga unkangoyoyoka. Adachita kuchirikiza denga ndi mitengo, kugumula mizere ya njerwa ya pamwamba pake, n'kuthiranso. Ndalama ya miyala imene ankapulumutsa idapita kangapo.

Ndaona ena ayankha kuti ingouzani amisiri 1:2:4 basi. Manambalawo ndi olondola, koma osawafotokoza sakuthandizani, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amaberedwa. Muyeso umenewu umatanthauza chiwiya chimodzimodzi: ndowa imodzi ya simenti, ndowa ziwiri za mchenga, ndowa zinayi za miyala. Si thumba limodzi, mawilibala awiri, mawilibala anayi ayi. Thumba la 50kg ndi malita pafupifupi 33, pomwe wilibala ya amisiri yodzaza mosasefukira imalowa matumba awiri. Choncho pa thumba limodzi, konkire ya bimu, lintala ndi zipilala ndi wilibala imodzi ya mchenga ndi mawilibala awiri a miyala. Amene wathira mchenga mawilibala awiri ndi miyala anayi pa thumba limodzi wakupatsani theka la simenti yofunika, ngakhale akulumbira kuti watsata muyeso.

Matope omangira khoma wamba ndi 1:6, kutanthauza thumba limodzi pa mawilibala atatu a mchenga. Pansi pa nthaka, kapena pomwe pamakhala chinyontho, tsitsani akhale awiri. Mukamva kuti thumba limodzi likudya mawilibala asanu ndi imodzi, dziwani kuti khomalo likumangidwa ndi mchenga. Koma musapitirirenso mbali inayi. Matope olimba kwambiri pa njerwa zathu zootcha zofewazi sathandiza, khoma likasuntha pang'ono imasweka ndi njerwayo m'malo mwa mzere wa matope.

Tsopano tiwerengere limodzi kuti muone ngati njira ya amisiriwo ikupulumutsadi ndalama. Tinene kuti bimu yanu yozungulira nyumba ndi mamita 40, mulifupi 230mm, msinkhu 230mm. Imeneyo ikhala konkire yoposa pang'ono makiyubiki mita awiri. Pa 1:2:4, kiyubiki mita imodzi imadya matumba 6 ndi pang'ono, ndiye mufunika matumba ngati 13, mchenga mawilibala 13, miyala mawilibala 26. Mukachotsa miyalayo, malo ake ayenera kudzazidwa ndi simenti ndi mchenga. Kuti matopewo alimbeko ayenera kukhala 1:3, ndipo bimu yomweyo idya matumba ngati 20. Ngati thumba mukugula cha m'ma K30,000, matumba 7 owonjezerawo ndi K210,000. Funsani mtengo wa mawilibala 26 a miyala kwanuko muyerekeze nokha. Ndipo mmisiri amene akuthawa miyala saika matumba 20, adzaika 10 n'kukuuzani kuti wakupulumutsirani.

Ngati ya kwale yakukanikanidi, gulani yoswa ndi manja kwa amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu aja. Imagwira ntchito bwino pa nyumba wamba, bola musankhe. Ikhale ya mwala wolimba, yaing'ono pafupifupi 20mm, kuti izitha kudutsa pakati pa zitsulo ndi thabwa. Yosakanikira dothi muitsuke kaye. Ija yofiirira yofumbutuka mukaimenya ndi hamala isiyeni, ndipo zibenthu za njerwa musalole kuti zilowe m'bimu.

Mchenganso si umodzi. Wa konkire ukhale wa kumtsinje, wokhakhala m'manja. Womangira ndi wa pulasitala ukhoza kukhala wosalalirapo kuti uziyenda bwino pa mpeni wa mmisiri. Kuti mudziwe ngati uli ndi dothi, thirani mchenga m'botolo loonekera mpaka theka, dzazani madzi, khutchumulani, muusiye kwa maola angapo. Dothi limakhala pamwamba pa mchenga ngati kamzere. Likakhala lochindikala, mchengawo usapite m'konkire.

Nkhani imene ndimakangana kwambiri ndi anyamata osakaniza konkire ndi ya madzi. Amakonda konkire yamadzimadzi chifukwa imapepuka pa fosholo ndipo imayenda yokha m'bokosi. Madzi opitirira muyeso akauma amasiya timabowo m'kati, mphamvu n'kutsika. Pa thumba limodzi yambani ndi ndowa ya malita 20, muziwonjezera pang'onopang'ono, osapitirira kwenikweni 25, ndipo mchenga ukakhala wonyowa muchepetse. Konkire yabwino imaima ngati nsima yofewa, osati phala. Ikalowa m'bokosi aitsinde ndi chitsulo, azimenyanso matabwa m'mbali ndi hamala kuti mpweya utuluke. Mukadzachotsa matabwa n'kupeza mabowo miyala ikuoneka, sanatsinde. Musalole kuti angobisa ndi pulasitala musanaone kuya kwake. Onaninso kuti zitsulo sizinagone pa thabwa, pakhale mpata wa 25mm kuti konkire izikute mbali zonse.

Mukathira, mawa lake yambani kuthirira madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku osachepera 7, ndipo kukatentha ngati mu Okutobala phimbani ndi masaka onyowa. Simenti imalimba ndi chinyontho, ikauma msanga imalekera panjira. Mphamvu yake yoyembekezeka imafika pa masiku 28. Matabwa a m'mbali akhoza kuchoka pakapita masiku awiri, koma mitengo yochirikiza kunsi kwa malintala ikhale milungu iwiri, pakhomo lalikulu ngakhale itatu.

Pogula simenti yang'anani nambala pa thumba. Ya bimu ikhale 32.5 kapena 42.5. Ilipo ina yotsikirapo mtengo yolembedwa 22.5, imeneyo ndi yomangira ndi pulasitala basi, isalowe m'bimu. Thumba la mibulu yosaphwanyika ndi zala libwezeni. Ndipo tsiku lothira bimulo pemphani tchuthi kuntchito mukhalepo nokha, muziwerenga matumba akamatsegulidwa ndi mawilibala akamakhuthulidwa.