Lipoti la ku labu si buku la tsiku ndi tsiku

"Ndine wa chaka choyamba ku Chanco. Tinayeza kalisiyamu ndi maginiziyamu m'madzi a pampopi ndi a pamjigo wina ku Chinamwali. Ndinalemba zonse mmene zinachitikira, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, koma aphunzitsi andibwezera ati ndiligawe pansi pa mitu ya `Introduction`, `Methods`, `Results` ndi `Discussion`. Ndiyambire pati? Ndakutumizirani lipotilo."

Achemwali, ndaliwerenga. Ntchito ya m'labu munaigwira bwino, ndipo palibe chofunika kuyezanso. Lipoti lanu likuyankha funso loti "kenako chinachitika n'chiyani?", pomwe wowerenga ali ndi mafunso ena anayi: munayezeranji, munayeza bwanji, munapeza chiyani, nanga zimenezo zikutanthauzanji. Tengani cholembera, pambali pa chiganizo chilichonse mulembe funso lomwe chikuyankha. Ziganizo zina mudzazidula pakati, zina sizidzayankha funso lililonse, monga chija choti munadikira makiyi a labu. Chimenecho chichoke.

Musayambe ndi mawu oyamba. Yambani ndi tebulo la zotsatira, chifukwa manambala anu amwazikana m'masamba atatu. Madzi a pamjigo, Lachitatu: 7.9, 7.5, 7.6 ndi 7.4 mL za EDTA, mankhwala odontheza m'madzi kuti agwire kalisiyamu ndi maginiziyamu. A pampopi, Lachisanu: 1.4, 1.5 ndi 1.6 mL. Masikuwo achotseni, mizere ikhale ya mtundu wa madzi. 7.9 ija munanena nokha kuti inali yongofufuzira pomwe mtundu usinthire, ndiye ionekebe m'tebulo, koma mulembe kuti simunaiwerengere. Zitatu zotsalazo zikupereka 7.5 mL. Onetsani kuwerengera kamodzi kokha:

```
7.5 × 0.01 × 100 000 / 50 = 150 mg/L CaCO3
1.5 × 0.01 × 100 000 / 50 = 30 mg/L CaCO3
```

M'gawo limeneli mawu oti "chifukwa" asapezekemo. Mukaona mwawalemba, ndiye kuti mwayamba kutanthauzira nthawi isanakwane.

Gawo la njira ndi pomwe mupulumutse mapepala. Munafotokoza kutsuka byureti, chubu chodonthezera EDTA, katatu chifukwa munaitsuka masiku atatu. Lembani kamodzi: madzi 50 mL, bafa yosunga madziwo pa pH 10, Eriochrome Black T yopatsa madziwo mtundu, kenako EDTA ya 0.01 M kudontheza mpaka kufiira kusanduke buluu, katatu pa madzi alionse. Muwonjezere komwe munatunga madzi ndi tsiku lotunga, pakuti limenelo ndi tsiku lokhalo lomwe lingasinthe zotsatira. Kuti mudziwe ngati gawoli lakwana, mpatseni mnzanu wa kalasi ina. Akafunsa kuti "bafa munathira yochuluka bwanji?", mwasiya kanthu. Ndipotu mwasiyadi, m'lipoti lonse mulibe.

Tsono za Lolemba, zomwe mwazipatsa tsamba lathunthu. Munaiwala bafa, mtundu sunasinthe bwinobwino, munataya n'kuyambiranso. Ndikudziwa kuti tsikulo linakupwetekani, koma silinabale nambala yodalirika, ndiye m'tebulo mulibe malo ake. Kubisa ndi nkhani ina. Mukanakhala kuti munatsata njira yonse molondola n'kupeza 9.0, simukanaloledwa kuichotsa chifukwa choti yakunyansani, mukanaionetsa n'kuikambirana. Apa cholakwika chikudziwika, ndipo chiganizo chimodzi chikwanira: kuyeza koyamba kunatayidwa chifukwa kunalibe bafa, ndipo popanda pH 10 mtundu susintha moonekera.

Gawo lokambirana ndilo likusowa kwambiri, ngakhale zipangizo zake muli nazo. Pansi pa Lachisanu munalemba kuti "mwina chifukwa a pampopi amachokera kuphiri". Kamfundo kameneka kakwezeni kakhale ndime yoyamba. Madzi a m'mipopi ya mu Zomba amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri, pomwe a pamjigo amakhalitsa pansi pa nthaka akusungunula miyala, n'chifukwa chake si zodabwitsa kuti 150 ndi kasanu kuposa 30. Kenako nenani malire. Kuphonya ndi 0.1 mL pa byureti kumasuntha yankho ndi 2 mg/L, zomwe pa 150 n'zochepa, koma pa 30 ndi pafupifupi 7 pa 100 alionse. Kuyeza 100 mL ya madzi a pampopi kukanachepetsa vutoli ndi theka. Komanso pa pH 10 EDTA imagwira kalisiyamu ndi maginiziyamu pamodzi, choncho chiganizo chanu choti "mjigo uli ndi kalisiyamu wambiri" chadumpha umboni. Ndipo ndi mjigo umodzi, wotungidwa tsiku limodzi. Musaweruze nawo Chinamwali yonse.

Mawu oyamba muwalembe pomaliza, ndime ziwiri basi: chomwe chimalepheretsa sopo kuchita thovu m'madzi ena, mmene EDTA imagwirira zinthu zimenezo, ndi cholinga chanu chofananiza madzi awiriwo. Ziganizo zoti "madzi ndi moyo" zichotseni. Mukatha, werengani chiganizo cha cholinga, mulumphe mpaka chiganizo choyamba cha gawo lokambirana. Chachiwiricho chikapanda kuyankha choyambacho, konzani chimodzi mwa ziwirizo musanapereke.