Chidule cha mtsutso wa makhansala chosakondera mbali

"Anzanga, andipatsa zolembedwa za mtsutso wa ku khonsolo, mawu onse momwe anayankhulidwira, ati ndifupikitse posonyeza pomwe gulu lililonse laima. Vuto ndi loti ineyo ndili ndi mbali yanga pa nkhaniyi. Ndilembe bwanji kuti ndisakondere?"

Achemwali, musachite mantha ndi mbali yanuyo, poti mukuidziwa ndipo mutha kuilondera. Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi kugawa magulu molakwika asanalembe ndi chiganizo chimodzi chomwe. Amayang'ana voti yomaliza, kapena zipani, nʼkunena kuti pali ovomera ndi okana basi. Gulu lenileni mumalipeza pofunsa kuti munthu aliyense akufuna khonsolo ichite chiyani.

Tiyerekeze chonchi. Khonsolo ili ndi makhansala 21, wapampando sakuvota, ndipo ganizo lomwe lili patebulo ndi loti malo akale otayira zinyalala atsekedwe pakutha pa miyezi 6, zinyalala zizipita kumalo atsopano kunja kwa tauni. Voti yomaliza: 13 avomera, 6 akana, mmodzi sanavote.

Werengani zolembedwazo koyamba osalemba kanthu. Ulendo wachiwiri tengani pepala, ndipo aliyense akayankhula lembani mzere umodzi: dzina, tsamba, zomwe akufuna zichitike, ndi chifukwa chomwe wapereka. Moni, kuthokoza wapampando, kukangana za yemwe ayenera kuyankhula, zonsezo zidumpheni. Mukaika mizereyo pamodzi mupeza kuti magulu ndi atatu. Makhansala 11 akufuna malowo atsekedwe pa nthawi yomwe yanenedwayo. Anayi sakufuna kusamuka nʼkomwe, akuti malo akale akonzedwe. Asanu akugwirizana ndi kutseka, koma akufuna madzi a mʼzitsime zoyandikira malo atsopano ayambe ayezedwa. Asanuwa anabweretsa ganizo losintha, loti nkhani idikire kaye, anayi aja anawathandiza, koma linagwa ndi mavoti 9 kwa 11. Itafika voti yomaliza anagawikana: awiri anavomera, awiri anakana, mmodzi anangokhala.

Mukanatsata voti yomaliza yokha, mukanalemba kuti makhansala 6 sakufuna malowo atsekedwe. Limenelo ndi bodza pa anthu awiri, omwe ananena ndi pakamwa pawo kuti atsekedwe. Mwawanamizira musanagwiritse ntchito mawu oipa ngakhale amodzi. Ine zimenezi zimandipweteka kwambiri, chifukwa khansala amakayankha kwa anthu omwe anamusankha, ndipo anthuwo adzawerenga chidule chanu, osati masamba onse aja.

Magulu akadziwika, lililonse lifunseni mafunso ofanana: likufuna chiyani, chifukwa chake chachikulu ndi chiti, ndipo linayankha bwanji pomwe linatsutsidwa. Pano ndi pomwe mtima wanu ungakunyengeni. Ku gulu lomwe mumalikonda mumatola mfundo yakupsa, ku linalo mumatola ya khansala yemwe anapsa mtima nʼkuyankhula zosalongosoka. Sankhani mfundo yomwe anthu ambiri mʼgululo anaibwereza, kapena yomwe enawo anavutika kuiyankha. Ngati mwa anayi okana aja atatu ananena za mtunda wautali komanso kuchepa kwa magalimoto onyamula zinyalala, ndipo mmodzi ananena kuti anzake ali ndi zolinga zobisika, maganizo a gululo ndi a mtunda ndi magalimoto. Zonenezanazo si maganizo a gulu. Zikakhala zoti sizingasiyidwe, zilembeni pa dzina la mwini wake yekhayo, ndi yankho la woneneredwayo pambali pake.

Tsono samalani ndi aneni. Taonani chiganizo ichi: "Ovomera anafotokoza kuti utsi ukudwalitsa ana, koma okana anangokakamira kuti mtunda ndi wautali." Palibe chomwe mwapeka, koma owerenga amva kale yemwe ali wanzeru ndi yemwe ali wamakani. "Anafotokoza", "anaulula" ndi "anakumbutsa" amasonyeza kuti zonenedwazo ndi zoona. "Anakakamira", "anadandaula" ndi "anadziteteza" amachepsa munthu. Kaphatikizo kakangʼono ka "-ngo-" nakonso nʼkoopsa, "anangoti" ndi "anati" si chimodzi. Ngakhale "koma" amapatsa mphamvu zomwe zabwera pambuyo pake. Gwiritsani "anati" kwa onse, ngakhale kubwereza kukutopetseni. Mmalo mwa "koma" ikani mpumiro, muyambe chiganizo china.

Dzina la nkhaniyo nalonso lili ndi mbali. Ngati ena akuti "dzala lonunkha" pomwe ena akuti "malo a khonsolo", inu tengani dzina lomwe lili mʼganizo lolembedwa. Mawu amphamvu a gulu mukawafuna, aikeni mʼmitengero kuti adziwike kuti ndi awo.

Chovuta china ndi manambala otsutsana. Tinene kuti ovomera akuti magalimoto awiri akwanira, okana akuti pafunika anayi, ndipo wogwira ntchito ku khonsolo, atafunsidwa, wati atatu. Musasankhe, ndipo musaphatikize kuti mupeze apakati. Lembani onse atatu, iliyonse ndi mwini wake. Wogwira ntchitoyo musamuike mʼgulu lililonse, ngakhale yankho lake likukomera mbali imodzi, chifukwa iye savota. Mupatseni kandime kakekake. Nanga khansala akanena chinthu chomwe inu mukudziwa kuti nʼcholakwika? Ngati wina anamukonza mumsonkhano momwemo, lembani zonse ziwiri. Ngati palibe anamukonza, chidule chinene zomwe ananena, ndipo inu mudziwitse okutumani padera. Mukakonza mkati mwa chidule ndiye kuti mwalowa nawo mumtsutso.

Kandime ka gulu lachitatu kangaoneke chonchi: "Makhansala asanu anati malo akale atsekedwe, pokhapokha madzi a mʼzitsime zoyandikira malo atsopano atayezedwa. Atauzidwa kuti kudikira kuwonjezera masiku omwe anthu akupuma utsi, anati kuyezako kukhoza kuyamba nthawi yomweyo. Ganizo lawo linagwa ndi mavoti 9 kwa 11. Pa voti yomaliza awiri anavomera, awiri anakana, mmodzi sanavote."

Za kutalika kwa ndime musadzivutitse ndi kuwerenga mawu. Gulu la anthu 11 likhoza kukhala ndi zifukwa zambiri kuposa la anayi, ndipo ndi bwino zioneke. Chosayenera ndi gulu lina kupatsidwa chifukwa ndi yankho, lina chifukwa chokha. Magulu atsatane momwe anayankhulira, kuyambira amene anabweretsa ganizo, ndipo chidule chithere pa voti, osati pa mawu okoma a khansala wina, chifukwa wotsiriza kuyankhula amakhala ngati wapambana. Wina akasintha maganizo mkati mwa mtsutso, muikeni pomwe anathera, nʼkunena mʼchiganizo chimodzi pomwe anayambira.

Mukamaliza, yambani kuwerenga ndime ya gulu lomwe simugwirizana nalo. Dzifunseni ngati khansala wa gululo angagwedeze mutu nʼkunena kuti ndi zomwe anatanthauza. Chiganizo chilichonse chikhale ndi tsamba lomwe mungaloze, chopanda tsamba chachokera mwa inu, chichotseni. Kenako perekani chidulecho kwa munthu yemwe sadziwa maganizo anu, mumufunse kuti akuganiza kuti inu mukanavota bwanji. Akalondola, mumupemphe akusonyezeni chiganizo chomwe chakuululani, mukonze chimenecho.