Wanga sanandigende, anandiwotcha maso

"Ndili mwezi wachinayi ndikuphunzira kuwotcherera. Mmisiri wamkulu amanditukwana pamaso pa makasitomala, dzulo wandigenda ndi sipanala. Ndikawauza abwana ndikuopa andichotsa ndisanamalize. Nditani?"

Achimwene, ndawerenga mtima ukundiwawa. Wanga ine sanandigende, anandiwotcha maso.

Tinkapanga geti. Chigoba chabwino chotchingira nkhope powotcherera pashopu chinali chimodzi, chinacho galasi lake linali losweka. Iye anavala chabwinocho, ine n'kundiuza ndigwire fulemu pa sikweya kuti azimata makona. Nditapempha chotchingira maso anangoti, "Tsinzina, ukuopa moto ngati mwana bwanji?" Ndikatsinzina fulemu imasuntha pang'ono, ikasuntha, mbama yapakhosi. Ndiye ndinasiya kutsinzina. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka ndikuyang'ana moto uja ndi maso osaphimba.

Masana sindinamve kanthu, ndipo ndi mmene zimakhalira. Kuwala kuja kumapsereza pamwamba pa diso, koma ululu umadzabwera patapita maola 6 mpaka 12. Pakati pa usiku ndinadzidzimuka ngati wina wandithira mchenga wotentha m'maso. Misozi chuchuchu, zikope kukana kutseguka, ngakhale kuwala kwa foni kumandilasa. Ndinakhala pansi mpaka kucha ndikuganiza kuti basi, ndachita khungu. Kuchipatala anandipatsa mankhwala a m'maso, nati ndisatikite, ndikhale mumdima masiku awiri. Tsiku lachitatu ndikubwerera, ndinapeza munthu uja wawauza abwana kuti ndinajomba chifukwa cha matsire. Anyamata onse kuseka, pomwe anaona ndi maso awo zomwe zinachitika.

Mpaka lero zimandinyansa. Munthu wamkulu, wa ana ake, amene ululu umenewo amaudziwa bwino chifukwa palibe wowotcherera amene sanapsepo maso. Ankati nayenso anaphunzira choncho. Ndiye poti iwe unazunzika, mwana wa mnzako azunzikenso? Ndipo abwanawo asanamizire kuti sankadziwa. Ankadziwa, koma mmisiri uja ndi amene ankabweretsa ndalama, ine ndinali wongosesa.

Tsiku limene ndinabwerera lija ndinaphulika pamaso pa aliyense, kasitomala ali pompo, n'kuponya pepala la kuchipatala pa benchi. Mawa lake chigoba chatsopano chinagulidwa, ndipo sanandimenyenso. Sanandichotse ayi. Koma mmisiri anangosiya kundiphunzitsa. Miyezi itatu ine galainda ndi penti, galainda ndi penti, makina owotcherera osawakhudza n'komwe. Malo amatha choncho achimwene: dzina lilipo, m'mawa uliwonse ukubwera, koma m'manja mulibe kanthu. Mukaona kuti patha milungu iwiri osakupatsani rodi yowotcherera, pomwe amene anabwera pambuyo panu akuwotcherera, dziwani kuti chilango chayamba.

Ndiye inu musachite ngati ine. Usiku uno lembani tsiku, nthawi, chimene anakugenderani ndi amene analipo. Ngati pali bala lijambuleni. Abwana muwapeze ali okha, poweruka, osati tsiku limene kasitomala wabweza ntchito. Musayambe ndi mawu akuti "akundida," chifukwa adzangoti ntchito ya zitsulo si ya anthu ofewa. Nenani chinthu chimodzi chokha: "Bwana, dzulo sipanala inandiphonya pamutu ndili pafupi ndi makina. Ndikufuna kumaliza maphunziro anga pano, ndithandizeni." Kenako pemphani chinthu chaching'ono chimene angathe kuchita osamuchotsa munthu wawoyo, monga kukuikani ndi mmisiri wina, kapena kuti ntchito yanu aziiona okha kumapeto kwa sabata. Mukawauza kuti asankhe pakati pa inu ndi iye, asankha iye.

Ngati anakutumizani kumeneko ndi a sukulu ya ntchito zamanja, muuzeni mphunzitsi woyang'anira ophunzira musanapite kwa abwana, chifukwa iye atha kukusamutsirani kwina miyezi yanu osatayika. Ngati anakupezerani malo ndi wachibale, apite nanu ameneyo, pakuti mawu ake amalemera kuposa anu. Ndipo buku la ntchito zimene mwachita lizisainidwa sabata iliyonse. Langa linali ndi miyezi itatu yopanda kanthu, ndipo ndinavutika kuifotokoza pofuna ntchito.

Anzanu a pashopu musawadalire kuti akuchitirani umboni, nawonso akuopa.

Ine ndinapirira mpaka kumaliza, koma akadzakugendaninso, kapena kukukakamizani kugwira ntchito opanda chigoba, kapena galainda yochotsa chotchingira, ikani zitsulo pansi muchoke tsiku lomwelo. Chigoba chanuchanu gulani mukangopeza kangachepe, mulembepo dzina, muzipita nacho kunyumba.