Mawu a pa thumba la mpunga: musafunse anthu kuti "mwakonda ati?"

"Zikomo bambo. Ndife gulu la amayi 6 kuno ku Matawale. Timapikula mpunga ku Domasi, kuupeta, kuusankha miyala ndi kuupakira m'matumba a makilogalamu 2 ndi 5. Tikufuna kusindikiza mawu amodzi okopa ogula pa thumba. Tinalemba mawu atatu n'kufunsa abale athu pa WhatsApp, koma aliyense akusankha ake, moti tatsala pang'ono kuyambana. Tisankhe bwanji?"

Amayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Musayambane ayi, vuto silili mwa inu. Mawu atatu ndi ochepa kwambiri kuti musankhepo, ndipo abale anu si anthu oyenera kuwafunsa. M'bale akaona mawu atatu, amayamba waganiza kuti alemba ndani, ndiye amavotera munthuyo. Chofunika n'kuchulukitsa mawu poyamba, kenako n'kuwayesa pa anthu osakudziwani amene amagula mpunga ndi ndalama zawo.

Tiyambe ndi kuchulukitsa. Muli anthu 6, ndiye aliyense alembe mawu 5, akwane 30. Koma aliyense alembe payekha kunyumba kwake musanakumane. Mukalembera pamodzi, apampando akangotchula awo, ena onse amangozungulira pomwepo posafuna kuoneka amwano, ndipo mumatuluka ndi mawu amodzi ovekedwa malaya osiyanasiyana. Mungathenso kupempha anthu ena akunja, monga mphunzitsi kapena mwana wanu wa ku sekondale, koma muwauze bwinobwino zimene mukufuna: wogula ndi mayi kapena bambo amene akudutsa pa benchi mumsika, thumbalo aliona ali patali mapazi awiri kapena atatu, ndipo chiganizo chilichonse chisapose mawu 7.

Apa pali pamene ambiri amaphonya. "Mpunga wabwino", "mpunga wokoma" ndi "mpunga wapamwamba" si mawu atatu, ndi amodzi. Kusiyana kwenikweni kumabwera mawu akamagwira mbali zosiyana za katunduyo. Ena anene za miyala imene mwachotsa, ena za fungo, ena za kumene mpungawo wachokera, ena za nthawi imene wophika apulumutse. Ndiye pouza olembawo, nenani kuti mawu awo 5 asakhale pa mbali imodzi. Mukakumana, yalani timapepala tonse pa mphasa popanda dzina la wolemba, ikani ofanana pamodzi, ndipo pa mulu uliwonse tengani amodzi. Tayani ataliatali, ndiponso tayani onse amene sali oona. Ngati mpunga wanu si Kilombero weniweni, dzinalo lisaoneke pa thumba.

Tiyerekeze kuti mwatsala ndi awa 6: "Mpunga wopanda miyala, tsukani, phikani basi." "Fungo lake limaitana alendo." "Mpunga wa kwathu ku Domasi." "Osapeta, osasankha." "Mano anu ali pamtendere." "Wapamwamba, mtengo wotsika." Ndikudziwa kuti m'gulu lanu ambiri angakonde achisanuwo, chifukwa ndi anzeru ndipo amaseketsa. Asungeni kaye, tione ngati apirire.

Lembani mawu aliwonse pa kakatoni kakekake. Timakatonito tikhale tofanana kukula, tolembedwa ndi munthu mmodzi, ndi cholembera chimodzi. Kamodzi kakakhala ndi zilembo zofiira ena zakuda, anthu asankha mtundu osati mawu. Amene akafunse anthu asakhale woti ali ndi mawu ake pa 6 aja, chifukwa nkhope yake imaulula. Mtumeni mtsikana kapena mnyamata wodekha, wodziwa kupereka moni, atenge kope ndi cholembera.

Anthu 30 akwanira pa gawo ili. Aliyense aone timakatoni tiwiri tokha, ndiye kuti mawu aliwonse aonedwa ndi anthu 10. Musawapeze malo amodzi. Ena akhale a mumsika waukulu wa Zomba, ena a ku Mpondabwino, ena a ku Chinamwali, ndipo ngati mumagulitsanso kwa ophunzira a ku Chikanda, aikenimo angapo, koma asachuluke kuposa mmene amachulukira pa benchi panu. Wophunzira wa pa yunivesite amasangalala ndi mawu okuluwika, pomwe mayi amene akuthamangira basi alibe nthawi yomasulira mwambi. Kumbali ya Songani ndi Domasi kuli ambiri amene kunyumba amayankhula Chiyao, ndiye ngati mpunga wanu umafika kumeneko, nawonso amveko. Ndipo kwa amene savutika kunena kuti kuwerenga kumawavuta, awerengereni mokweza kamodzi kokha, mosakometsera. Mumsika muyambe mwauza atsogoleri a msikawo, kuti anthu asadabwe ndi kope lija.

Tsopano funso lenilenilo. Musafunse kuti "mwakonda ati?" Ife kuno timalemekeza mlendo, ndipo munthu akuuzani kuti "onse ali bwino" kapena aloza amene mwawagwira kutsogolo kuti mumusiye apite. Kukonda si kumva, komanso si kugula. M'malo mwake, muonetseni kakatoni kwa kanthawi kowerenga mpaka 5 mumtima, kabiseni, n'kufunsa kuti, "Amayi, pamenepa akugulitsa chiyani, ndipo akuti katunduyo ndi wotani?" Lembani yankho lawo ndendende mmene alinenera, osalikonza, osawathandiza. Akangoti "kaya", lembani "kaya". Chitaninso chimodzimodzi ndi kakatoni kachiwiri. Kenako chezani nawo pang'ono za zina, monga kuti mpunga amagula kangati pa mwezi, ndipo pomaliza funsani kuti akukumbukira mawu ati. Kumbukirani kusinthasintha kakatoni koyamba kuonetsa, chifukwa koyamba ndi komaliza sikakhala m'mutu mofanana.

Madzulo mukakhala pansi ndi kope, mungapeze zonga izi. Pa "Osapeta, osasankha", anthu 4 mwa 10 anena kuti mpungawo ndi wosapetedwa, wogula akazipetere yekha. Inu mumatanthauza kuti ntchitoyo mwagwira kale, koma iwo amva zosiyana kotheratu, makamaka amene anachita kuwerengeredwa. Mawu amenewo afa pomwepo, ngakhale 6 enawo anamva bwino, chifukwa simungasindikize matumba amene akuthamangitsa ogula 4 mwa 10. Pa "Mano anu ali pamtendere", anthu anaseka, koma theka linaganiza kuti ndi mankhwala otsukira mano. Za ku Domasi onse anamva, koma palibe amene anatchula chifukwa chogulira wanu osati wa pa benchi loyandikana, poti nawonso amapikula komweko. "Wapamwamba, mtengo wotsika" palibe anawakumbukira, chifukwa aliyense wogulitsa amanena zomwezo. Otsala ndi awiri: a miyala aja, amene 9 anawamva molondola, ndi a fungo, amene 8 anawamva ndipo ambiri anawabwereza osaphonya liwu.

Pano ndikupemphani kuti mumvetse bwino, chifukwa ndi pamene mtima wanga uli. Anthu 30 aja ntchito yawo ndi kukuonetsani mawu amene akusocheretsa. Sangakuuzeni kuti pakati pa 9 ndi 8 wapambana ndani. Kusiyana kwa munthu mmodzi kungabwere chifukwa choti mayi wina anali ndi mwana akulira kumsana. Amene amayesa mawu pa intaneti amagwiritsa ntchito anthu ochuluka zedi kuti aone kusiyana kochepa. Mu 2007, gulu lokopa anthu la Barack Obama ku America linayesa mitundu 24 ya tsamba lawo loyamba pa anthu oposa 300,000. Mtundu umene unapambana unkalembetsa anthu pafupifupi 12 mwa 100, pomwe wakale unkalembetsa 8, ndipo makanema amene ogwira ntchitowo ankawadalira anagonja kwa zithunzi wamba. Inu mulibe anthu ochuluka chotero, koma muli ndi benchi, ndipo pa benchi munthu amayankha ndi ndalama.

Choncho musanapite kukasindikiza zambiri, pangani timapepala tochepa ta mawu awiri otsalawo, ngakhale pa makina a fotokope m'tauni. Mpunga ukhale womwewo, thumba lomwelo la makilogalamu 2, mtengo womwewo. Ikani milu iwiri yofanana kutalika pa benchi limodzi, ndipo masana muisinthanitse, wa kumanja upite kumanzere, chifukwa dzanja la wogula limakonda kupita ku mbali imene wafikira. Mulu wina ukachepa, onjezerani kuti ifanane. Wogulitsa asaloze mulu uliwonse. Musayese mawu amodzi sabata ya malipiro ndi ena pakati pa mwezi, popeza Zomba ili ndi anthu ambiri a pa ntchito za boma, asilikali ndi aphunzitsi, ndipo kumapeto kwa mwezi chilichonse chimayenda. Makasitomala anu akale musawawerengere, iwo akugula chifukwa chokudziwani.

Nanga muwerenga bwanji? Mwa ogula atsopano 20, ngati 12 atenga thumba la miyala ndipo 8 atenga la fungo, musafulumire kusangalala. Mutaponya khobidi m'mwamba ka 20, kusiyana kotere kapena koposa apa kumabwera pafupifupi theka la nthawi zonse, popanda chifukwa chilichonse. Koma zikakhala 15 kwa 5, zimenezo mwangozi zimachitika ka 4 kokha mwa 100, ndiye mungazikhulupirire. Werengani anthu osati matumba: mwini lesitilanti akatenga matumba 6 nthawi imodzi, ameneyo ndi munthu mmodzi. Ndipo gwirizanani musanayambe kuti mudzaima mukafika pa ogula angati. Mukamayang'ana m'kope tsiku ndi tsiku, amene mawu ake ali patsogolo adzafuna kuti muimire pomwepo.

Zingathe kuchitika kuti mwafika pa ogula 40 koma awiriwo akungolingana. Zikatero ndiye kuti onse akugwira ntchito, ndipo mukhoza kusankha nokha. Ine ndingatenge a miyala, chifukwa fungo ndi la mtundu wa mpunga ndipo aliyense wogulitsa mtundu womwewo angalinene, pomwe kusankha miyala ndi thukuta la manja anu. Koma mawu amenewo ndi lonjezo lolemera. Thumba limodzi lokhala ndi mwala lidzakhumudwitsa wogula kuposa mmene likanachitira popanda mawuwo, choncho musanawasindikize gwirizanani kuti mmodzi wa inu aziyala mpunga wa mnzake pa lichero n'kuuyang'ananso usanapakiridwe.

Mawu a fungo aja musawataye. Angakwanire pa chikwangwani cha pa benchi kapena pa uthenga wa WhatsApp nthawi ya maukwati ndi zinkhoswe, pamene anthu amagula mpunga wophikira alendo. Posindikiza pepala lenileni, siyani malo a dzina la gulu, kulemera kwa thumba ndi nambala ya foni, ndipo funsani a bungwe loona za miyezo la MBS zina zimene zimafunika pa chakudya chopakira, kuti musalipire osindikiza kawiri.