Rilakisa wayandama mafuta pomwe deti isanakwane

"Ndili ndi kashopu ka zodzoladzola ndi za tsitsi ku Nkhotakota, chipinda chimodzi cha malata chopanda siling'i. Kuyambira Okutobala mpaka Febuluwale ndinataya katundu wambiri. Loshoni ankatuluka madzi, rilakisa ankayandama mafuta, makatoni anachita chuku, koma madeti ambiri anali asanakwane. Ndisunge bwanji? Kodi ndigule firiji?"

Mayi, deti yothera yolembedwa EXP pa botolo ili ndi pangano lake lomwe ambiri sitiliwerenga. Tembenuzani botolo muone timalemba ting'onoting'ono: opanga amanena kuti katunduyo asungidwe pozizirira ndi pouma, kawirikawiri pasapitirire madigiri 25 kapena 30. Deti ija anaiwerengera malo otere. Akatswiri a mankhwala ali ndi kamuyeso kongoyerekeza koti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, kuwonongeka kumathamanga pafupifupi kawiri. Ndiye chifukwa chake opanga akafuna kudziwa msanga ngati loshoni adzapirire, amamuika dala pa madigiri 40 kapena 45 kwa miyezi itatu. Shelefu ya pamwamba, pansi pa malata, mu Novembala wa kunyanja, imachita zomwezo kwa katundu wanu tsiku ndi tsiku.

Choncho musanagule china chilichonse, gulani kachoyezera kutentha ka batire, komwe kamaonetsanso chinyezi. Cha m'ma 2 koloko masana kaikeni pa shelefu ya pamwamba kwa mphindi 20, kenako yapakati, kenako yapansi, mulembe manambala. Chitani zimenezi sabata yathunthu. Mupeza kuti chipinda chimodzi chomwecho chili ndi nyengo zitatu, ndipo khoma lakumadzulo, lomwe limawombedwa ndi dzuwa lamadzulo, limatenthabe ngakhale mutatseka shopu.

Mukadziwa pozizira, pamenepo ndi pa loshoni, makirimu, kondishona ndi rilakisa. Zinthu zimenezi ndi madzi ndi mafuta zogwirizanitsidwa mokakamiza, ndipo kutentha kumamasula mgwirizanowo. Loshoni wotere mukamufinya kumayamba kutuluka timadzi toyera, kenako chiphalaphala cha mibulu. Mungamukhutchumule n'kuoneka ngati wabwerera, koma mawa lake walekananso, ndipo mankhwala oletsa tizilombo omwe ali mkatimo sakhalanso ofalikira bwino.

Pa rilakisa ndiye tiime kaye, chifukwa apa nkhani si ndalama zokha. Mu rilakisa muli soda woopsa yemwe amawongola tsitsi, ndipo mafuta aja ndi amene amamufatsitsa kuti asapsereze khungu. Akalekana, mbali ina ya chitini imakhala yaukali kwambiri, ina yofooka. Mutu umodzi womwewo, pena papsa mpaka zilonda, pena tsitsi silinawongoke n'komwe. Tamvapo ena akuti ingotakasani ndi kamtengo mugulitse. Ayi, mayi. Rilakisa woyandama mafuta, wouma m'mbali kapena wosintha mtundu ndi wotaya. Uja wa m'bokosi wokhala ndi kabotolo kosakanizira, mukangosakaniza ndi wa tsiku lomwelo, wotsala sasungidwa.

Pelokisaidi wosakanizira dayi naye amadana ndi kutentha komanso kuwala. Akamawonongeka amatulutsa mpweya, ndiye botolo limatupa pansi mpaka kumagwedera pa shelefu, ndipo mukatsegula limalira kuti fyuu. Wotere watha mphamvu, dayi sagwira. Muikeni pansi, mumdima, ataimirira. Zopopera za m'zitini zili ndi malire olembedwa pa chitini pomwepo, madigiri 50, kotero pawindo kapena pafupi ndi malata zisapezekepo, pamodzi ndi mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo, omwe sachedwa kugwira moto.

Pamwamba pakhale zosaopa kutentha: zipeso, meshi, timikanda ta m'tsitsi, marola. Vaselini akasungunuka n'kuumanso amakhalabe wabwino, bola aimirire kuti asadonthe. Koma mafuta a zomera, monga a nsatsi kapena a kokonati, akatenthedwa nthawi yaitali amanunkha ngati nsinjiro zokhalitsa, ndipo fungo limenelo silibwerera m'mbuyo. Za pawindo zokopera makasitomala, ikanipo mabotolo opanda kanthu.

Kutentha kwenikweniko kuchepetseni kudenga. Siling'i ya mphasa kapena mikeka, yomangidwa kusiya mpata pansi pa malata, imatchinga chifunga chotsika kuchokera kumwamba. Penti yoyera pamwamba pa malata imathandizanso. Pakhale tizibowo ta mpweya m'mwamba mwa makoma awiri oyang'anana, tomata sefa, kuti mpweya wotentha uzituluka ngakhale usiku.

Chuku uja ndi nkhani ya dzinja. Simenti ya pansi ndi makoma zimakoka chinyontho, katoni n'kumamwa ngati chinkhupule. Chinyezi chikamakhala pamwamba pa 70 peresenti masiku ambiri, chuku amamera, malebulo amamatuka, zitini zimachita dzimbiri kunsi, dayi wa ufa ndi paudala zimaundana. Katoni isagunde simenti: ikhale pa thandala la matabwa lokwera masentimita 15, komanso italikire khoma ndi masentimita 10. Zaufa zonse zilowe m'bigili ya pulasitiki yotseka bwino, muponyemo timapaketi toyamwa chinyezi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato. Katoni yomwe yanyowa panjira musalowe nayo, tulutsani katundu, mupukute, katoniyo itayidwe.

Firiji musagule. Magetsi akathima katundu amafunda, akayaka amaziziranso, ndipo kusinthasintha kumeneku kumalekanitsa makirimu ngati momwe kutentha kumachitira. Botolo lotuluka mufiriji limachitanso thukuta, lomwe ndi chinyontho chomwe mukuthawa. Lipisitiki ndi mapensulo a m'maso, zomwe zimafewa n'kutuluka timadontho, zisungeni m'kulaboksi yopanda ayisi, pa thandala paja, muzitulutsa zoonetsa zochepa.

Tsono kwatsala kapikulidwe, komwe ndi kumene ndalama zambiri zimathera. Tinene kuti ku holoselo akutsitsirani mtengo wa loshoni mabotolo 72, ndipo deti yatsala ndi miyezi 8. Kope lanu likuonetsa kuti mtundu umenewu mumagulitsa mabotolo 5 pa mwezi. Pa miyezi 8 ndi mabotolo 40, otsala 32 ndi otaya. Ndipo 40 amenewo ndi a pa pepala chabe, chifukwa kasitomala wochenjera sagula botolo lotsala ndi mwezi umodzi pomwe iye amalidzola miyezi iwiri. Chotsani miyezi iwiriyo, mwatsala ndi mabotolo 30. Ngati kupikulako n'kwa mu Seputembala, onsewo adutsa m'miyezi yotentha kwambiri. Ife tingatenge madazeni awiri basi, mabotolo 24, n'kudzapitanso. Pa rilakisa, pelokisaidi ndi makirimu, kuyambira Seputembala mpaka Malichi musasunge woposa wa miyezi iwiri, ngakhale mtengo wa thiransipoti ukupweteka.

Katundu akafika, lembani deti yothera ndi cholembera chachikulu pa katoni, mbali yoonekera. Kutsogolo kuzikhala kwa yemwe deti yake ili pafupi, osati yemwe anafika poyamba, pakuti nthawi zina katundu watsopano amabwera ndi deti yaifupi kuposa wakale. Samalani kusasokoneza MFG, lomwe ndi tsiku lopangidwa, ndi EXP. Tsiku loyamba la mwezi uliwonse yendani m'mashelefu ndi kope, ndipo chilichonse chotsala ndi miyezi itatu chitsike mtengo sabata yomweyo chidakali chabwino.

Ngati mumatsegula zina zoti anthu ayese kapena mumakonza tsitsi pomwepo, yang'anani kachithunzi ka kabotolo kotsegula kolembedwa 6M kapena 12M. Ndi miyezi yomwe chinthucho chimakhala chabwino chikatsegulidwa, ngakhale EXP ikhale kutali. Lembani tsiku lotsegula pa chivindikiro, ndipo potapa kirimu muzigwiritsa ntchito kasupuni kouma, osati chala chonyowa.